Nkhope Imene Anagoba pa Mwala

Chipsera cha amayi Mabel chinkayambira pansi pa diso lamanzere, n'kutsika ndi tsaya mpaka m'khosi. Chinkakoka pakamwa pang'ono, moti akamaseka ankaoneka ngati akukayikira chimene chawaseketsacho. Anachipeza ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, tsiku limene denga la chisakasa chowambiramo nsomba linagwira moto n'kuwagwera. Atachira anabwerera ku utsi womwewo, chifukwa ana awiri sakanadya chisoni. Ku Malindi anthu anachizolowera chipseracho mpaka kuiwala kuti chilipo.

Mwana wawo wamkazi, Tayamika, anali ndi zaka zisanu panthawi ya motowo, ndiye nkhope ina ya amayi ake sankaidziwa. Ndi tsaya limenelo ankalipukuta ndi kansalu konyowa miyezi isanu ndi iwiri imene amayiwo anagona pamphasa asanamwalire. Mchimwene wake Gordon anali ku Joni nthawi yonseyo. Ankaimba foni Lamlungu lililonse, zimenezo tisamunamizire, koma foni sitembenuza wodwala. Maliro atatha anagwetsa kanyumba ka amayi kothonya kaja, n'kumanga pamalo pomwepo chinyumba cha mizati inayi ndi malata ofiira ooneka ngati matailosi. Anthu odutsa pamsewu ankaima n'kumagwedeza mutu. Amayi Mabel sanaone ngakhale njerwa yake imodzi.

Patapita zaka ziwiri, Gordon analengeza kuti nthawi yoika mwala pamanda yakwana. Mwala wakuda wonyezimira, wogobedwa ku Blantyre, wokhala ndi chithunzi. Ndipo pachithunzipo amayi aime patsogolo pa nyumba ija.

"Achimwene, nyumbayo amayi sanalowemo," anatero Tayamika pafoni.

"Ndinawamangira iwo, chemwali. Imfa ndiyo inandithamangira. Ndiwamane ngakhale pachithunzi?"

Tayamika analuma mlomo. Ankadziwa kuti mchimwene wakeyo akufuna kuti aliyense wodutsa kumanda azinena kuti mayi uyu anabereka. Koma sanafune kukangana pa nkhani ya manda. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kuti akamapita kukasesa pamandapo azikapeza nkhope ya amayi ake ikumuyang'ana. Nyumba, galimoto, ngakhale ndege aiike kumbuyoko, zinalibe kanthu. Anavomera, koma anati iyeyo ndiye apite ku situdiyo.

Lachiwiri m'mawa anakwera kabaza wa njinga yamoto, nawoloka mlatho wa pa Shire kulowa m'tauni ya Mangochi. Situdiyo ya Che Swadick inali kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi wogulitsa mabatire a sola. Mwiniwakeyo anali bambo woonda wa kandevu kosongoka, wolankhula mofatsa ngati munthu amene wazolowera kuuza akwati kuti anatsinzina pachithunzi chawo chabwino kwambiri.

Tayamika anamutumizira zithunzi ziwiri kuchokera m'foni. Choyamba chinali cha amayi, atavala yunifomu yawo ya amayi a mpingo wa Angilikani, ya buluu ndi yoyera, ataima pakhonde la tchalitchi. Anawajambula yekha chaka chimodzi asanadwale, ndipo chinali chithunzi chokhacho chimene ankayang'ana kutsogolo osapendeketsa mutu. Chachiwiri chinali cha nyumba, chimene Gordon anatumiza.

Swadick anaziika moyandikana pakompyuta, naziyang'ana kwa kanthawi akukanda ndevu.

"Achemwali, zithunzi ziwirizi sizikugwirizana. Onani. Amayi ali pamthunzi, kuwala kukuwachokera kumanzere. Nyumbayi aijambula dzuwa lili pamutu. Ndikangowadula n'kuwamata apa, aliyense aona kuti ndamata. Adzakhala ngati akuyandama, mapazi osaponda pansi."

"Ndiye sizitheka?"

"Zitheka. Masiku ano tili ndi makina amene mumawapatsa zithunzi ziwiri, iwo n'kujambula chatsopano chochokera mu zonse ziwiri. Koma muyenera kuwauza kuti amvere chiti kwambiri. Khalani apa muone."

Pansi pa chithunzi chilichonse panali kamzere kokhala ndi kadontho kosuntha. Swadick anakokera kadontho ka amayi kumanja, ka nyumba kumanzere, nadina. Anadikira mphindi ngati imodzi, netiweki ikuzengereza monga mwa masiku onse. Chithunzi chitatuluka, Tayamika anagwira pachifuwa. Anali amayi ake, ataima padzuwa, chipsera chili pamalo pake. Koma nyumba kumbuyo kwawo inali itapenga. Mizati inali isanu, zenera limodzi linali litapindika, ndipo malata ofiira aja anali atasanduka abulawuni.

"Achimwene anu akaona izi akomoka," anatero Swadick akuseka. "Tsopano titembenuze."

Anakweza nyumba, natsitsa amayi. Ulendo uno nyumba inatuluka ndendende, mpaka kampopi ka pakona. Patsogolo pake panaima mayi wina wonenepa bwino, wa khungu losalala, atavala buluu ndi zoyera, akumwetulira ngati wa pakalendala ya banki.

"Ameneyu ndi ndani?" anafunsa Tayamika.

"Palibe. Mukawachepetsera mphamvu amayi, makinawa amangotengako zovala ndi kaimidwe, nkhope n'kudzazamo ya anthu ambirimbiri amene anawaonapo. Chipsera amachiyesa dothi la pachithunzi, amapukuta."

Mawu akuti dothi anamubaya Tayamika, ngakhale ankadziwa kuti munthuyo sakunyoza. Anayang'ana mayi wachilendo uja ndipo anadana naye pomwepo.

"Che Swadick, ine za mizati sizindikhudza. Ikhale isanu, ikhale khumi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndikufuna amayi anga."

"Musathamange. Pali njira yoti onse awiri apulumuke, kungoti imafuna manja, osati makina okha."

Anagwira ntchitoyo iye akuonerera, pafupifupi maola awiri. Anatenga chithunzi cha nyumba monga chinalili n'kuchiika pansi. Anadula amayi mosamala, kutsata m'mphepete mwa duku ndi mapewa, n'kuwaika pamwamba. Kenako anaphimba nkhope yonse ndi utoto wofiira wa pakompyuta, nafotokoza kuti pamene paphimbidwapo makina saloledwa kukhudza. Anawalola kukonza m'mbali mokha, kuyanjanitsa kuwala kwa zovala, ndi kujambula mthunzi waufupi pansi monga umakhalira masana. Nkhope anaiwalitsa yekha pang'onopang'ono kuti igwirizane ndi dzuwa. Atatero anafunsa funso limene ananena kuti ndilo lalikulu.

"Atsogole ndani? Pamwala palibe mitundu, pamangokhala poyera ndi pakuda. Zinthu zing'onozing'ono zimasowa. Nyumba yonse ikaoneka, amayi achepa, nkhope ikhala ngati chala changachi. Amayi akakula, nyumba idulidwa."

"Amayi akule."

Anawakulitsa kuyambira m'chiuno kupita kumutu, nachititsa nyumba kuzimiririka pang'ono kuti ibwerere m'mbuyo. Panatsala mizati iwiri ndi chidutswa cha denga. Tayamika analira pampando wapulasitiki umene anakhalapo mopanda manyazi, ndipo Swadick ananamizira kufunafuna chinachake m'dirowa mpaka atatonthola. Anatumiza chithunzicho kwa Gordon onse ali pomwepo. Gordon anayankha ndi kachala kokweza m'mwamba. Tayamika anabwerera ku Malindi mtima uli m'malo.

Patadutsa masabata awiri kunabwera amayi aang'ono, a Ajira, kuchokera ku Katuli. Iwowa anali mng'ono wa amayi Mabel, bere limodzi. Mabel anabatizidwa pokwatiwa ku Malindi, Ajira anakhalabe m'Chisilamu, koma zimenezo sizinawalekanitsepo. Pa matenda aja, a Ajira ndiwo anasiya munda wawo n'kudzagona pambali pa mphasa, kusinthana ndi Tayamika. Ndiwo ankadziwa kulemera kwa thupi la wodwalayo. Tayamika akanafunsidwa kuti padziko lapansi watsala ndi ndani, sakanatchula Gordon, akanatchula iwowa.

Atamwa tiyi, a Ajira anafunsa za yunifomu. Ina mkulu wawo anaikidwa nayo m'manda, koma ija yakale kodi ilipo? Inalipo, m'sutikesi.

"Tavala ndikuone, mwanangu."

"Amayi aang'ono, ine sindinalowe nawo gululo. Sizololedwa."

"Ndani akuona? Muno tili awiri. Ndamusowa mkulu wanga. Ndingomuonako pang'ono mwa iwe."

Tayamika anavala. Anamanga duku monga amayi ankamangira, mfundo kumbuyo. A Ajira anamutulutsa panja padzuwa, namuuza kuti aime mowongoka, manja apinde patsogolo, ayang'ane kwa iwo. Anatulutsa foni imene Gordon anawatumizira chaka chatha n'kujambula katatu. Misozi inali ikutsika m'masaya mwawo, ndipo inali misozi yeniyeni.

"Mabel weniweni," ananong'ona. "Wallahi, Mabel weniweni."

Anakumbatirana pabwalo pomwepo. Tsiku limenelo Tayamika anamva kuti sali yekha.

Mwala unafika kutatsala masiku atatu kuti mwambo uchitike, utakulungidwa m'makatoni ndi nsalu, ndipo amisiri anaumangirira osauvundukula. Gordon anafika ndi galimoto ya nambala za ku Joni, atanenepa khosi, akugawa moni ngati phungu. Tayamika atapempha kuti asuzumire mwalawo, iye anaseka. "Mkwatibwi saonedwa lisanafike tsiku, chemwali. Iwe ndiwe udzavundukule. Ulemu umenewo ndi wako, unavutika nawo amayi."

Loweruka m'mawa, mapemphero atatha, anthu anandandana kupita kumanda. Amayi a mpingo anali mbuu ndi yunifomu zawo, akuimba. Kunabweranso amayi a kudoko, anzawo a malemu owamba nsomba, amene utsi unawafiiritsa maso. Abambo wansembe anawaza madzi, natchula dzina la Tayamika. Iye anagwira nsonga ya nsalu yoyera n'kukoka.

Choyamba kuona chinali nyumba. Yonse, mizati inayi, denga, mpanda, yatenga mbali yaikulu ya mwala. Chakumanja kwake kunaima mayi wooneka kuyambira m'mawondo, manja atapinda patsogolo. Masaya onse awiri anali osalala. Pakamwa panali powongoka.

Anthu anaomba m'manja. Wina analuluta. Kumbuyo kwake Tayamika anamva mayi wina wa kudoko akuuza mnzake kuti, "Koma Mabel anali wokongola, eti? Taonani, Tayamika anachita kulavulidwa."

Tayamika anaimabe ndi nsalu m'manja. Nkhopeyo sinali ya mayi wa pakalendala uja. Inali ndi mphumi ya kwawo, mphuno ya kwawo, ndipo n'chifukwa chake inkapweteka kwambiri: inali pafupi, koma sanali amayi. Anapinda nsaluyo bwinobwino, kanayi, chifukwa manja ankafuna chochita, ndipo sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Anthu anati ndi wolimba mtima.

Tayamika anamupeza Gordon kuseri kwa nyumba, pamene azimayi ankaphika mpunga wa alendo.

"Achimwene, chithunzi chija si chimene tinagwirizana."

"Tinangokonza pang'ono."

"Mwawachotsa amayi."

"Ndawabwezera nkhope yawo!" Gordon anatsitsa mawu ataona azimayiwo akutembenuka. "Iwe unali mwana. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndikuwakumbuka moto usanawaononge. Ukufuna adzukulu azidzaona chilonda mpaka muyaya? Anavutika nacho ali moyo, chiwatsatirenso pamwala?"

"Chilonda chimenecho ndicho chinakuphunzitsani sukulu."

"N'chifukwa chake ndachichotsa. Ndatopa nacho kuchiona." Anapukuta thukuta pakhosi. "Ndiponso si ine ndekha. Banja linagwirizana."

"Banja liti? Ine ndine wa banja liti?"

Wina anamuitana Gordon kuti akalandire abambo wansembe, ndipo anapita mofulumira ngati wapulumuka. Tayamika anayang'ana uku ndi uku kufuna a Ajira, kuti awauze zimene mwana wa mkulu wawo wachita. Anamva kuti anyamuka kale, ati mutu ukuwapweteka ndipo galimoto za ku Katuli n'zosowa. Anawamvera chisoni. Anaganiza kuti nawonso mwala uja wawadwalitsa.

Lolemba anakwera kabaza. Njira yonse ankakonza mawu oti akamutsanulire Swadick, munthu amene anamuona akulira, n'kutembenuka kugulitsa misozi yake kwa mwini galimoto. Analowa m'situdiyo osapereka moni.

"Salaam, achemwali," anatero Swadick akumwetulira. "Mwambo unayenda bwino? Mwala unatuluka bwanji?"

Kumwetulira kumeneko kunamusokoneza. Munthu wolakwa samwetulira choncho.

"Che Swadick, munandilonjeza kuti nkhope simuikhudza."

"Inde. Koma pambuyo pake munasintha maganizo."

"Ndani anakuuzani?"

Kumwetulira kunazima pang'onopang'ono. Swadick anakoka mpando wapulasitiki uja, nati, "Khalani pansi. Ndikuonetsani zonse monga zinayendera, muweruze nokha."

Anatsegula foda yolembedwa dzina la Gordon. Tsiku lotsatira lomwe, anafotokoza, achimwene anaimba. Anati nyumba ioneke yonse. Limenelo silinali vuto, anangowachepetsa amayi n'kubwezeretsa nyumba kuti iwale. Kenako anati chipsera chichoke.

"Ndinawauza kuti inu munakana. Anati akambirana nanu. Ndiye ndinachotsa chophimba chija pa tsaya lokha, kuti makina ajambule khungu latsopano. Onani chimene chinatuluka."

Tsaya linali losalala, koma diso ndi pakamwa zinali zokokekabe, popanda chozikoka. Nkhopeyo inkaoneka yopotoka, yoopsa kuposa ya chipsera.

"Mukuona? Chipsera sichinali pamwamba pokha. Chinakoka diso, chinakoka mlomo. Kuti ndiwongole zimenezo ndinayenera kutsegula nkhope yonse n'kuchepetsa mphamvu ya chithunzi cha amayi. Ndikachepetsa pang'ono, chipsera chimabwerera. Ndikachepetsa kwambiri, amatuluka mlendo. Pakati palibe. Ndinayesa kanayi."

Anadina, ndipo panadutsa amayi anayi osiyanasiyana, onse ovala yunifomu imodzi, onse oima pakhomo pa Gordon ngati alendo odikira kuti awatsegulire.

"Achimwene anu anazitumiza pagulu la banja la pa foni kuti anthu asankhe."

"Pagulu lathu sipanabwere chithunzi chilichonse."

Swadick anayang'ana pansi. "Mwina linali lina."

Linali lina. Tayamika anamva manyazi otentha, a munthu amene wazindikira kuti anzake anadya kale asanamuitane. Amalume a ku Chiponde, asuweni a ku Lilongwe, onse amene anamukumbatira Loweruka, anali atakhala m'kachipinda kawo ka m'foni n'kumasankha nkhope ya amayi ake ngati akusankha chitenje.

"Ndiye anasankha uti mwa anayiwa? Wa pamwala sali pano."

"Sanasankhe aliyense. Panali mayi wina wamkulu amene anakana onse. Achimwene anu ananditumizira mawu ake kuti ndimve ndekha chimene akufuna." Anazengereza chala chili pafoni. "Ndiyatse?"

"Yatsani."

Mawuwo anawadziwa asanamalize liwu loyamba. Chichewa chopendekera ku Chiyao, chokoka pang'ono kumapeto.

"Gordon mwanangu, onsewa si mkulu wanga, musaike mlendo pamanda. Ife kwathu sitiika zithunzi pamanda, koma poti mwafuna, muike chabwino. Mabel moto usanamugwere anali Tayamika yemweyu, osasiyana kanthu. Ndisiyire ine. Ndipita ku Malindi, ndikamuveka yunifomu, ndikutumizira. Iyeyo usamuuze, ndi wouma mutu ngati mayi ake, akana. Akadzaona zitatha adzathokoza."

Mawu anatha. Panja telala ankapalasa makina ake, wina ankatsatsa mabatire.

"Mbali yomalizayo sindinaimvetse bwino tsiku limenelo," anatero Swadick motsitsa mawu, ndipo onse awiri anadziwa kuti akunama pang'ono. "Chithunzi chitabwera, ndinaona mwavala nokha, mwaima bwino, mukuyang'ana kamera. Achimwene anati mwavomera. Ndinafuna kukhulupirira."

Anatsegula chithunzi chomaliza m'fodamo. Tayamika anadziona ataima pabwalo la kwawo, m'yunifomu yoposa msinkhu wake pang'ono, manja atapinda patsogolo, maso onyowa.

"Cha amayi ndinachichotsamo chonse. M'malo mwake ndinaika ichi, n'kukweza mphamvu yake mpaka pamwamba kuti nkhope isasochere. Kenako ndinalembera makina kuti awonjezere zaka: makwinya m'mbali mwa maso, khosi lofota pang'ono, imvi m'mphepete mwa duku. Kuwala sikunavute n'komwe, poti anakujambulani padzuwa."

"Anandiuza kuti nditulukire padzuwa."

"Ndine ndinapempha kuti chikhale cha padzuwa," anatero Swadick. "Pepani, achemwali."

Tayamika anayang'ana zithunzi ziwirizo, chake ndi cha pamwala, zili moyandikana. Tsopano zinali zoonekeratu moti anadabwa kuti sanazione Loweruka. Koma ndani amapita kumanda a mayi ake akuyembekeza kukadzipeza yekha? Anali wamoyo, wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo nkhope yake inali itagobedwa kale pamanda, itakalambitsidwa, pansi pake palembedwa tsiku lomwalira. Malodza otere akanachitikira munthu wina, a Ajira omwewo akanati mwamulaula.

"Mu chithunzi cha pamwalacho," anafunsa, "mwatsala chiyani cha amayi?"

Swadick anaganiza moona mtima, monga mmisiri. "Yunifomu ndi yawo."

Anati amusindikizira chithunzi choyamba chija, chachikulu, aike m'felemu, osalipira kanthu. Tayamika anagwedeza mutu. Sanakane chifukwa chonyada. Anangoona kuti felemu ikakhala m'nyumba mwake, pamene anthu onse a ku Malindi, ndi ana awo, ndi adzukulu awo, azidzawerenga mwala.

Atatuluka anaima pamthunzi wa sitolo ina n'kuimba foni ku Katuli. Inaitana nthawi yaitali.

"Mwanangu," anayankha a Ajira. Mawu awo anali a munthu amene wakhala akudikira foni imeneyi.

"Amayi aang'ono, mutu uja wapola?"

"Tayamika, tamvera..."

"Munalira tsiku lija. Ndinaona misozi. Munkalira chiyani?"

"Ndinkalira mkulu wanga! Ukuganiza kuti ndinanama? Iwe unamudziwa ndi chipsera, unachikonda poti sunadziwe china. Ine ndinamudziwa ali mtsikana, anyamata akumenyanirana pachitsime. Iye mwini sankachifuna. Pazithunzi zonse ankatembenuza mutu, sunaone?"

"Pa chija sanatembenuze. Ndinawapempha kuti andiyang'ane, anandiyang'ana."

"Anachitira iwe."

"Eya, anachitira ine. Inuyo munachitira ndani?"

Kutali kunkamveka mbuzi ndi mwana akulira.

"Mukanandiuza, amayi aang'ono. Mukanabwera n'kunena kuti Tayamika, tikufuna nkhope yako. Ndikanakana, tikanakangana, mwina mukanandigonjetsa. Koma munandiveka zovala za amayi, munandikumbatira. Khoswe ndiye amaluma akuuzira. Ine ndinagona tsiku limenelo ndikuthokoza Mulungu kuti ndili ndi mayi wina."

"Ndidakali mayi ako."

"Ndiye mundiuze monga mayi. Ine ndikadzafa, pamanda anga mudzaikapo nkhope ya ndani? Yanga mwagwiritsa kale ntchito."

A Ajira anayamba kulira, ndipo nayonso inali misozi yeniyeni. Tayamika anaimvetsera pang'ono, n'kudula foni. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti ankawakondabe, ndipo sankadziwa kuti chikondi chimenecho achiika pati.

Gordon anabwerera ku Joni Lachitatu. Asananyamuke anati mwala sungasinthidwe, ukagobedwa wagobedwa, ndipo anthu onse aukonda. Pamenepo sananame. Kutchalitchi amayi ankamugwira Tayamika dzanja n'kumuuza kuti mchimwene wake wawalemekeza amayi. Ena ankamuyang'anitsitsa kumaso nthawi yotalikirapo, kenako n'kuyang'ana kumbali.

Loweruka lotsatira anatenga tsache n'kupita kumanda m'mawa, dzuwa lisanatenthe. Nkhata za maluwa apulasitiki zinali zitayamba kale kutuwa ndi fumbi. Anasesa masamba, nazula kaudzu m'mbali mwa simenti, maso ali pansi. Anali ndi zambiri zoti awauze amayi ake, ndipo wina woti amuuze analibe. Atamaliza anaimirira kutsogolo kwa mwala, nakweza maso, natsegula pakamwa.

Mayi wa pamwalayo anamuyang'ana ndi maso ake omwe, onyowa, okhulupirira munthu amene akumujambula. Tayamika anatsekanso pakamwa. Munthu sangadandaule kwa iye mwini, n'kumadzitchula kuti amayi.

Anazungulira n'kupita kuseri kwa mwalawo. Kumeneko amisiri sanapukute n'komwe, kunali kokhakhala, kotuwa, kopanda chilembo. Anakhala pansi pafumbi, natsamiritsa tsaya lake pamwala wozizirawo.

"Amayi," anatero, "ndine Tayamika. Ndabwera kuseri kuno. Kutsogoloko kuli ine."